Vuto, yankho, pempho: kusanja masilaidi opemphera ndalama za bizinesi

Munthu wofuna kuti ena aike ndalama mu bizinesi yake kawirikawiri amakonza masilaidi, omwe ndi masamba a pakompyuta okhala ndi mawu ochepa, manambala ndi zithunzi. Masilaidiwo amaonetsedwa pakhoma pamsonkhano, kapena amatumizidwa pa imelo kuti woika ndalamayo akawerenge payekha. Palibe amene amatulutsa ndalama zake chifukwa chongoona masamba khumi ndi awiri. Chomwe masilaidi abwino amachita n'kupangitsa woika ndalama kunena kuti akufuna kukumananso ndi eni bizinesiyo. Kuti afike ponena zimenezo, ayenera kukhala atamva zinthu zitatu motsatana: vuto lomwe anthu ena ake ali nalo, njira yomwe bizinesiyo ikuthetsera vutolo, ndi ndalama zomwe zikufunika kuti njirayo ifikire anthu ambiri.

Nthawi yomvetsera zitatuzi ndi yochepa kwambiri. Mu 2015 kampani ya DocSend, mogwirizana ndi Tom Eisenmann wa ku Harvard Business School, inafufuza masilaidi a makampani ongoyamba kumene okwana 200, ndipo inapeza kuti woika ndalama ankatha pafupifupi mphindi 3 ndi masekondi 44 akuwerenga masilaidi onse a kampani imodzi. Ngati vuto lenileni lili pa silaidi ya 13, munthu wotereyu amakhala atatopa asanafikepo, kapena amafikapo atadzipangira kale maganizo olakwika pa bizinesiyo.

Masilaidi ambiri sasokonekera chifukwa cha ulesi. Amasokonekera chifukwa mwini wake amawasanja motsata mbiri ya moyo wake: momwe ganizo linamubwerera, momwe anavutikira kupanga chinthucho, mphoto zomwe analandira. Pakapita miyezi, aliyense amene wafunsa funso amachititsa kuti pawonjezeredwe silaidi ina, mpaka masilaidi 12 asanduka 25. Womvera alibe mbiri imeneyo m'mutu mwake. Iye ali ngati mfumu pabwalo la milandu, imene imafuna kumva kaye chomwe chamuwawa wodandaula, kenako mboni, kenako chomwe akufuna kuti bwalo limuchitire. Wodandaula akayamba ndi mbiri ya makolo ake n'kukhala pansi osanena chomwe akufuna, mfumu ilibe poyambira kugamula.

Chitsanzo cha Airbnb

Masilaidi omwe amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi a kampani ya Airbnb ya ku San Francisco, m'dziko la Amereka. Anakonzedwa cha m'ma 2008, kampaniyo ikutchedwabe AirBed & Breakfast, ndipo eni ake, Brian Chesky, Joe Gebbia ndi Nathan Blecharczyk, anali asanadziwike. Silaidi yoyamba inali ndi dzina la kampani ndi chiganizo chimodzi chonena ntchito yake, yothandiza apaulendo kupeza chipinda chogona m'nyumba za anthu m'malo mwa hotela. Yachiwiri inali ya vuto, ndipo inali ndi mfundo zitatu zokha: apaulendo amadandaula ndi mitengo, hotela imamutalikitsa mlendo ndi moyo wa anthu a mumzindamo, ndipo panalibe njira yapafupi yopezera chipinda kwa munthu wamba kapena yoti mwini nyumba alandire alendo. Yachitatu inali ya yankho, ndipo nayonso inali ndi mfundo zitatu: wapaulendo awononga ndalama zochepa, mwini nyumba apeza ndalama, ndipo awiriwo adziwana ndi kugawana chikhalidwe.

Mphamvu ya masilaidi awiriwa ili pa kuyankhana kwawo. Dandaulo lililonse la pa silaidi yachiwiri lili ndi mnzake pa silaidi yachitatu, ndipo palibe mfundo ya yankho imene ikungobwera yokha popanda vuto loiitana. Pambuyo pake panabwera umboni woti anthu akuchita kale zofanana ndi zimenezi pa Couchsurfing ndi Craigslist, kukula kwa msika, maonekedwe a tsamba lawo la pa intaneti, ndi njira yopezera ndalama, yomwe inali kudula 10 peresenti pa malipiro aliwonse. Kumapeto kunali pempho: madola 500,000 oti agwiritse ntchito miyezi 12, kuti afike pa maulendo 80,000. Poti ulendo uliwonse unkayembekezeka kubweretsera kampaniyo pafupifupi madola 25, ndalama zolowa zikanakwana madola 2 miliyoni. Aliyense akhoza kuchulukitsa 80,000 ndi 25 n'kuona yekha kuti manambalawo akugwirizana.

Masilaidi amenewa anali ndi pofooka pake. Pempho lawo silinafotokoze kuti madola 500,000 aja agawidwa bwanji, chinthu chomwe oika ndalama ambiri amafuna kuona. Komanso kusanja bwino sikutanthauza kuti ndalama zibwera. Chesky mwini wake analemba mu 2015 kuti mu 2008 analumikizidwa ndi oika ndalama 7 pamene ankafuna madola 150,000, ndipo asanu anakana, awiri osayankha n'komwe. Ndalama zooneka zinabwera mu 2009 kuchokera ku Sequoia Capital. Dongosolo labwino limangoonetsetsa kuti wokana akukana bizinesi yomwe waimvetsa.

Kusanja masilaidi omwe alipo kale

Ntchito yovuta kwambiri ndi kukonza masilaidi omwe alipo kale, chifukwa mwini wake amawakonda onse. Chitsanzo chotsatirachi ndi chongoyerekezera, ndipo manambala ake ndi ongophunzirirapo. Kampani ina yaing'ono imaika mathanki oziziritsira mkaka oyendera sola m'malo omwe magulu a alimi a ng'ombe zamkaka amasonkhanitsira mkaka wawo, monga momwe zimakhalira ku Thyolo ndi ku Chiradzulu. Mkaka wongokama kumene umafunika kuziziritsidwa mpaka cha m'ma digiri 4 pasanathe maola ochepa, apo ayi umasasa ndipo wogula amaukana. Kampaniyi yaika kale mathanki m'malo anayi, ndipo imadula kandalama pa lita iliyonse yomwe yazizira.

Masilaidi ake alipo 23. Yoyamba ndi chizindikiro cha kampani, yachiwiri masomphenya, kenako iwiri ya mbiri ya eni ake ndi imodzi ya zithunzi za mwambo wolandira mphoto. Masilaidi asanu otsatira akufotokoza za mapanelo, mabatire ndi kapangidwe ka thanki. Vuto likupezeka pa silaidi ya 13, pomwe alembapo za ulova wa achinyamata, kunyentchera kwa ana, kusintha kwa nyengo ndi kuthimathima kwa magetsi. Zotsatira za malo anayi aja zili pa silaidi ya 17. Pali masilaidi anayi a matebulo a ndalama za zaka zisanu zikubwerazi, kenako ya 22 yonena kuti kampaniyo ikufuna abwenzi ogwira nawo ntchito, ndi ya 23 yolembedwa kuti "Zikomo".

Kukonza kumayambira kumapeto, ndipo kumayambira papepala, kompyuta isanatsegulidwe. Eni kampani amalemba chiganizo chimodzi chokhala ndi zinthu zitatu: ndalama zingati, za nthawi yaitali bwanji, zofikitsa bizinesi pati. Pa kampaniyi chiganizocho chikhoza kukhala chakuti ikufuna madola 150,000 a miyezi 18, kuti ichoke pa malo 4 n'kufika pa malo 12, pomwe ndalama zolowa zidzayamba kukwanira kulipira zonse za pamwezi. Chiganizochi chikalephera kulembeka, ndiye kuti chosokonekera si masilaidi koma mapulani a bizinesiyo, ndipo eni ake ayenera kukhala pansi n'kugwirizana kaye. Chikalembeka, chimasanduka muyeso wa silaidi iliyonse: kodi silaidi iyi ikuthandiza munthu kukhulupirira chiganizochi?

Kenako masilaidi onse amaikidwa poonekera nthawi imodzi. Mu PowerPoint izi zimachitika posankha View kenako Slide Sorter, ndipo mu Google Slides pali Grid view. Ena amakonda kusindikiza timasilaidi ting'onoting'ono, kutidula ndi lumo n'kutiyala patebulo, zomwe zimathandiza kuti anthu awiri kapena atatu azisuntha limodzi. Pa silaidi iliyonse pamalembedwa funso la woika ndalama lomwe silaidiyo ikuyankha. Ya zotsatira za malo anayi ikuyankha funso loti kodi zimenezi zimagwiradi ntchito. Ya mwambo wa mphoto siyankha funso lililonse. Asanu a mabatire aja onse akuyankha funso limodzi, lomwe womvera sanafike polifunsa. Zikatere masilaidi amagawika okha m'milu ya vuto, yankho, umboni ndi pempho, ndipo pamatsala mulu wachisanu, womwe nthawi zambiri ndi waukulu kuposa yonse.

Mulu wachisanuwo sutayidwa wonse. Masilaidi a kapangidwe ka thanki ndi matebulo a ndalama amasunthidwira kumbuyo kwa pempho, kuti akatulutsidwe pokhapokha wina akafunsa. Mu PowerPoint akhozanso kubisidwa ndi Hide Slide, kuti asaoneke poonetsa koma akhalebe mu fayilo. Masomphenya ndi zithunzi za mphoto zimachoka, kapena mphotoyo imatchulidwa m'mzere umodzi pa silaidi ya eni kampani.

Silaidi ya vuto ndi imene imafuna nthawi yambiri. Mavuto anayi omwe analembedwa aja ndi oona, koma atatu mwa iwo ndi a dziko lonse, ndipo thanki ya mkaka singawathetse. Woika ndalama akaona ulova, kunyentchera ndi kusintha kwa nyengo pa silaidi imodzi, amayamba kukayikira ngati eni kampani akumudziwa kasitomala wawo. Vuto loyenera kulembedwa ndi la munthu amene adzalipire, lonenedwa momwe iye angalinenere. Apa munthuyo ndi mlimi amene wakama m'mamawa, wapalasa njinga ndi chigubu mpaka kumalo osonkhanitsira, ndipo mawa lake akumva kuti magetsi anathima usiku, mkaka wa gulu lonse wasasa, ndipo palibe amene alipidwe. Silaidiyo iyenera kunena amene akuvutika, zomwe akutaya, ndi chifukwa chomwe njira zomwe zilipo sizikuthandiza. Tinene kuti mabuku a magulu anayi aja akuonetsa kuti pa malita 100 alionse, 12 ankakanidwa, ndipo jenereta ilipo koma dizilo wake amadya phindu lonse. Nambala yochokera m'mabuku a magulu omwewo ili ndi mphamvu kuposa nambala yaikulu ya dziko lonse la Afirika yotengedwa pa intaneti, chifukwa eni kampani akhoza kuifotokoza akafunsidwa komwe inachokera.

Pali cholakwa china chobisika chomwe chimapezeka pa silaidiyi. Ena amalemba kuti vuto ndi loti alimi alibe mathanki a sola. Limenelo ndi yankho lomwe langotembenuzidwa. Mlimi sadandaula za kusowa kwa thanki ya sola. Amadandaula za mkaka wosasa ndi ndalama zomwe sanalandire. Njira yozindikirira cholakwachi ndi yapafupi: ngati dzina la chinthu chomwe kampani ikugulitsa likupezeka pa silaidi ya vuto, silaidiyo iyenera kulembedwanso.

Yankho limabwera pa silaidi yotsatira, popanda china cholowa pakati. Mfundo zake zimatsata za vuto chimodzichimodzi, monga zinalili kwa Airbnb. Magetsi akathima mkaka umasasa: thanki iyi imakhalabe yozizira usiku wonse popanda magetsi a pamzere. Dizilo ndi wodula: iyi sifuna mafuta. Gulu la alimi lilibe ndalama zogulira thanki: siligula, limangolipira pa lita. Chithunzi chimodzi cha thanki ili pamalo ake, alimi akuthira mkaka, n'chokwanira. Masilaidi asanu a mabatire aja alowa m'chiganizo chimodzi.

Pakati pa yankho ndi pempho pamakhala mlatho wa umboni, ndipo silaidi yomwe inali ya 17 imakwera kukhala yachinayi. Iyi ndiyo chuma chenicheni cha kampaniyi: m'malo anayi aja, mkaka wokanidwa unatsika kuchoka pa malita 12 kufika pa malita 2 pa 100 alionse, ndipo magulu onse akulipira mwezi ndi mwezi. N'zomvetsa chisoni kuti silaidi ngati iyi ndi imene imakwiriridwa kawirikawiri, chifukwa eni ake amaona ngati malo anayi ndi ochepa moti sangadzitame nawo. Kwa woika ndalama, makasitomala anayi olipira amalankhula mokweza kuposa matebulo a zaka zisanu. Pambuyo pake pamabwera momwe kampani imapezera ndalama pa malo amodzi, chiwerengero cha magulu ena omwe angafikiridwe, njira zina zomwe alimi angasankhe, ndi anthu omwe akuyendetsa ntchitoyi. Silaidi ya eni kampani imakwezedwa kutsogolo pokhapokha ngati mbiri yawo ndiyo umboni waukulu womwe ulipo, monga pamene bizinesi isanayambe kugulitsa koma mwini wake wagwira ntchito ya mkaka zaka zambiri.

Silaidi ya pempho

Mawu oti kampani ikufuna abwenzi ogwira nawo ntchito si pempho. Nthawi zambiri amalembedwa chifukwa cha manyazi, poopa kuoneka ngati wopemphetsa, kapena poopa kutchula ndalama zochepa kwa munthu amene akanapereka zambiri. Koma woika ndalama amabwera pamsonkhano kudzamva nambala, ndipo akapanda kuimva amaganiza kuti eni bizinesi sanawerengetsere.

Nambalayo imamangidwa kuchokera pansi. Malo 8 atsopano, pa madola 9,000 malo amodzi, ndi madola 72,000. Pa miyezi 18 imeneyi ndalama zotuluka, za malipiro, mafuta a galimoto ndi kukonza zowonongeka, zikhala zikuposa zolowa ndi pafupifupi madola 3,500 pamwezi, zomwe zikukwana madola 63,000. Madola 15,000 ndi osungira zadzidzidzi. Zonse pamodzi ndi madola 150,000. Zigawo zitatuzi zimalembedwa pa silaidi, pamodzi ndi pomwe ndalamazo zikufikitsa kampani. Miyezi 12 mpaka 18 ndiyo imakonda kusankhidwa, chifukwa kufunafuna ndalama zina kumatenga miyezi ingapo, ndipo kampani yomwe yapempha za miyezi 6 imayambanso kupempha isanaonetse chilichonse.

Silaidiyi iyeneranso kunena mtundu wa ndalamazo, kaya ndi ngongole, thandizo losabweza, kapena kugula masheya. Ngati kampaniyi ikupereka masheya okwana 15 peresenti pa madola 150,000, ndiye kuti ikudziwerengera mtengo wa madola 1 miliyoni ndalamazo zitalowa, kapena madola 850,000 zisanalowe. Woika ndalama amachita masamu amenewa m'mutu nthawi yomweyo, choncho eni kampani ayenera kuwachita iye asanatero. Ambiri amasankha kusalemba mtengo wa kampani pa masilaidi otumiza pa imelo, n'kuusiya kuti ukakambidwe pamaso, ndipo zimenezi zilibe vuto bola ndalama zofunikazo zalembedwa.

Kwa bizinesi ya ku Malawi pali funso lina lomwe silingazembedwe, la mtundu wa ndalama. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kampani yomwe imagula zipangizo kunja ndi madola koma imalandira makwacha kwa alimi iyenera kuonetsa pa silaidi ya pempho kuti ndi zigawo ziti zomwe zili m'madola, ndi ziti zili m'makwacha, komanso mtengo wosinthira womwe yagwiritsa ntchito ndi tsiku lake. Masilaidi omwe pena akulemba makwacha pena madola, osanena chilichonse, amachititsa kuti manambala onse akayikiridwe.

Malo a pempho ndi kumapeto, koma si bwino kuti likhale chinsinsi mpaka pamenepo. Mzere umodzi pa silaidi yoyamba, wonena kuti kampani ikufuna madola 150,000 kuti ifike pa malo 12, umathandiza womvera kudziwa muyeso woyezera zonse zomwe akumva, ndipo amene amaika ndalama zochepera madola 1 miliyoni kapena zoposerapo amadziwiratu ngati nkhaniyi ikumukhudza. Silaidi ya "Zikomo" imachotsedwa. Nthawi ya mafunso imatha kukhala yaitali kuposa ya kufotokoza, ndipo silaidi yomwe imatsala pakhoma nthawi yonseyo iyenera kukhala ya pempho, yokhala ndi nambala ya foni ndi imelo pansi pake.

Kuyesa ngati dongosolo lagwira

Masilaidi 23 aja tsopano atsala 11, ndipo ena 9 ali kumbuyo kudikira mafunso. Izi sizikutalikirana ndi langizo lodziwika la Guy Kawasaki la 10/20/30, loti masilaidi akhale 10, kufotokoza kusapitirire mphindi 20, ndipo zilembo zisachepere saizi 30. Nambala 10 si lamulo, koma za zilembozo n'zothandiza, chifukwa zilembo zikuluzikulu zimakakamiza munthu kuchotsa mawu osafunika. Masilaidi otumiza pa imelo amafuna mawu ochulukirapo pang'ono, poti palibe munthu wowafotokoza, ndipo amatumizidwa ngati PDF kuti asasokonekere pafoni.

Mayeso oyamba ndi a mitu. Mutu wa silaidi iliyonse umasinthidwa kuchoka pa liwu limodzi, monga "Vuto" kapena "Msika", n'kukhala chiganizo chonena mfundo yake: "Magetsi akathima, alimi amataya malita 12 pa 100 alionse", kenako "Thanki yathu imaziziritsa mkaka usiku wonse popanda magetsi kapena dizilo", kenako "M'malo anayi, mkaka wokanidwa watsika kufika pa malita 2". Mituyo ikawerengedwa yokhayokha motsatana, mwachitsanzo mu Outline View ya PowerPoint, iyenera kumveka ngati ndime imodzi. Pomwe wowerenga akupunthwa, n'kufuna kuwonjezera mawu ake kuti mitu iwiri ilumikizane, ndiye kuti pali silaidi yosowa kapena yokhala pamalo olakwika.

Mayeso achiwiri amafuna munthu wosaidziwa bizinesiyo. Amapatsidwa masilaidi kwa mphindi zinayi popanda womufotokozera, kenako amalandidwa n'kufunsidwa kuti akuvutika ndani, kampani ikuchitapo chiyani, ndipo ikufuna ndalama zingati zochitira chiyani. Akayankha kuti kampaniyi imagulitsa masola, ndiye kuti zipangizo zaphimbabe vuto. Akakumbukira nambala koma osadziwa ntchito yake, ndiye kuti pempho silinamangidwe pa malo 12 aja. Pamsonkhano weniweni zizindikiro zake ndi zomwezo: womvera akadula mawu pa silaidi yachisanu n'kufunsa kuti kodi kwenikweni mumachita chiyani, kapena akayamba kutsegula masamba akutsogolo kufunafuna nambala, dongosolo silinagwire.

Chomaliza kufufuzidwa ndi kugwirizana kwa manambala. Masilaidi akasunthidwa, manambala akale amatsalira m'makona: silaidi ya msika imanena malo 15 pomwe pempho likunena 12, kapena tebulo lakumbuyo likuonetsa madola 8,000 pa thanki pomwe kutsogolo kuli 9,000. Nambala iliyonse yopezeka kawiri imayenera kufananizidwa ndi inzake, ndipo zonse zichokere mu fayilo imodzi ya masamu.

Vuto ndi yankho sizisintha kaya masilaidi akupita kwa ndani, koma masilaidi awiri omaliza amasintha. Banki imafuna kuona momwe ngongole idzabwezedwere mwezi ndi mwezi komanso chikole chomwe chilipo. Bungwe lopereka thandizo losabweza limafuna chiwerengero cha alimi omwe apindule ndi ndalama zomwe ziwonjezereke m'matumba mwawo, ndipo apa mfundo ya achinyamata kapena ya nyengo ikhoza kubwereranso ngati pali nambala yoichirikiza. Wogula masheya amafuna kudziwa kukula komwe kampani ingafike pambuyo pa malo 12, ndi njira yomwe iye adzapezere ndalama zake, kaya pogawana phindu kapena pogulitsa masheya ake kwa wina.